Mukutsegula malo odyera? Mafunso ndi mayankho pa chikalata chopita kwa atolankhani

Munthu akamatsegula malo odyera, ndalama zimathera pa lendi, mapoto, mafiriji ndi mipando. Ikamafika nthawi yodziwitsa anthu, m'thumba mumakhala mutauma kale. Apa ndi pamene ambiri amakumbukira kuti pali njira yosalira ndalama: kulemba chikalata cholengeza za malowo n'kuchitumiza ku nyuzipepala ndi ku mawayilesi. Njirayi ndi yabwino, koma zikalata zambiri zotere sizituluka n'komwe, ndipo eni ake amangoti atolankhani ndi okondera. Nthawi zambiri vuto limakhala m'chikalatamo. Kuti mayankho amveke, tiyerekeza malo odyera amodzi a mipando 60 ku Eriya 47 mumzinda wa Lilongwe. Malowo ndi ziwerengero zake n'zongoyerekeza, koma mafunso ake ndi amene aliyense wotsegula malo odyera angakumane nawo.

Kodi chikalatachi chikusiyana bwanji ndi kutsatsa malonda?

Potsatsa malonda mumagula malo m'nyuzipepala kapena mphindi pa wayilesi, ndipo mawu anu amatuluka momwe mwawalembera. Chikalata chopita kwa atolankhani simulipira, choncho mulibenso mphamvu pa icho. Mkonzi akhoza kuchidula, kuchilembanso, kutuma mtolankhani kuti adzakufunseni zina, kapena kuchitaya. Iye amadzifunsa funso limodzi: kodi muli nkhani umu, kapena munthuyu akufuna kutsatsa malonda mwaulere? Akaona kuti ndi malonda, amachipereka ku ofesi yotsatsa malonda, ndipo amene akuyimbireni foni ndi wokuuzani mitengo ya tsamba.

Nanga nkhani ili pati, poti malo odyera amatsegulidwa tsiku ndi tsiku?

Ili pa anthu amene si inu. Kuti mwatsegula lesitilanti ndi nkhani kwa inu ndi abale anu. Koma kuti anthu 11 amene anali pa ulova ayamba kulandira malipiro mwezi ndi mwezi, ndiponso kuti alimi a ku Dedza apeza msika wodalirika wa mbatatesi yawo, imeneyo ndi nkhani ya patsamba la zamalonda. N'chifukwa chake ine ndimati pa zinthu zitatu zimene chikalatachi chimanyamula, ntchito ziyambe, alimi ndi asodzi abwere pachiwiri, zakudya zikhale kumapeto. Eni malo ambiri amachita motembenuza. Amathera ndime zinayi akutamanda kukoma kwa nkhuku yawo, kenaka ntchito n'kuzitchula m'chiganizo chimodzi kumunsi, kumene mkonzi safikako.

Chiyambe ndi mawu otani?

Mutu ukhale chiganizo chimodzi chokhala ndi chiwerengero: "Malo odyera atsopano alemba anthu 11 ku Lilongwe". Ndime yoyamba iyankhe kuti ndani, wachita chiyani, kuti, liti, ndipo izi zikukhudza bwanji anthu. Pa chitsanzo chathu ingamveke motere, dzina la malowo litayikidwa poyambirira:

"Malo odyerawa adzatsegulidwa Loweruka pa 6 Juni ku Eriya 47 mumzinda wa Lilongwe. Alemba anthu 11 ntchito zokhazikika, ndipo azigula mpunga kwa alimi a ku Karonga ndi mbatatesi kwa alimi a ku Dedza."

Onani kuti mulibe mawu akuti "ndife okondwa kulengeza" kapena "malo apamwamba kwambiri m'dziko muno". Mkonzi akakhala ndi malo ochepa amadula kuyambira kumunsi, choncho ndime yoyambayi iyenera kuyima payokha ngakhale zina zonse zitachotsedwa. Tsiku mulitchule ndi deti lake. Mukangolemba kuti "Loweruka likubwerali" ndipo nkhaniyo n'kuchedwa kutuluka, anthu adzafika pa Loweruka lolakwika.

Chiwerengero cha ntchito ndichipeza bwanji? Anthu amene athandizika ndi ambiri.

Apa ndi pamene zikalata zambiri zimagwera m'bodza, nthawi zina mwini wake asakudziwa kuti akunama. Mwini malo athu ongoyerekeza aja akufuna kulemba kuti wabweretsa ntchito 50. Tiyeni timufunse kuti anthu 50 amenewa ndi ati.

Akutiuza kuti 18 ndi amisiri amene anakonza nyumbayo: omanga, akalipentala, opaka penti ndi okonza magetsi. Anagwiradi ntchito ndipo analipidwa, koma pofika tsiku lotsegulira adzakhala atapita. Anthu 12 ndi alimi a mu kalabu ya ku Dedza. Amenewa si antchito ake, anali alimi iye asanabwere, ndipo malo awo ali m'ndime ya ogulitsa katundu. Anthu 6 ndi aganyu obwera Loweruka ndi Lamulungu pokha, kapena kukakhala ukwati. Otsala ndi 14: ophika 4, operekera zakudya 5, otsuka mbale ndi kusesa 2, wolandira ndalama mmodzi ndi alonda 2. Tikafunsitsitsa, tikupeza kuti atatu mwa 14 amenewa wangowasamutsa kuchokera ku kantini yake yakale ya mu tawuni. Ntchito zatsopano zenizeni ndi 11.

Kutsika kuchoka pa 50 kufika pa 11 kumawawa, koma 11 ndi chiwerengero chimene mtolankhani angabwere n'kuwerenga ndi maso. Ndipo palibe chimene chatayika, chifukwa enawo akhoza kutchulidwa ndi mayina awo oyenera: "Malowa ali ndi antchito okhazikika 14, ndipo 11 mwa iwo ndi olembedwa kumene. Azilembanso aganyu 6 kumapeto kwa sabata. Pokonza nyumbayi, amisiri 18 anagwira ntchito kwa miyezi itatu." Chiganizo chotere chimakhulupirika kuposa "ntchito zoposa 50", ndipo antchito anu omwe, amene amadziwana onse, sadzaseka akachimva pa wayilesi.

Mawu akuti "ntchito yokhazikika" ali ndi katundu wake. Akutanthauza kuti munthuyo ali ndi kalata yomulemba ntchito monga lamulo la zolembana ntchito la mu 2000 limafunira, akulandira malipiro osachepera amene boma linakhazikitsa, ndipo ali pa penshoni, kumene bwana amasonkha 10 pa 100 iliyonse ya malipiro ndipo wantchito amasonkha 5. Ngati zimenezi simunazikonze, musalengeze kudziko kuti mwalemba anthu ntchito zokhazikika, chifukwa a ku ofesi ya leba nawonso amawerenga nyuzipepala.

Kodi nditchule kuti angati ndi amayi kapena achinyamata?

Tchulani ngati chiwerengero muli nacho: "8 mwa 14 ndi amayi". Ngati ena anaphunzira zophika ku Malawi Institute of Tourism kapena m'sukulu za ntchito zamanja zimene TEVETA imayang'anira, nenani, chifukwa zikusonyeza kuti maphunzirowo akubala zipatso. Chimodzi chimene ambiri amayiwala: nenani ngati malo a ntchito adakalipo kapena adzadza. Mukapanda kutero, m'mawa mwake pageti padzakhala mzere wa achinyamata atanyamula maenivelopu, ena atabwereka ndalama ya minibasi kuti afike.

Tikamati "timagula kwa alimi a konkuno", tiyenera kusonyeza chiyani?

Zinthu zinayi: chimene mukugula, kumene chikuchokera, kuchuluka kwake, ndi kangati. Kuyambira pomwe boma linakhazikitsa ndondomeko yolimbikitsa kugula katundu wa m'dziko muno mu 2016, pafupifupi wamalonda aliyense amanena kuti amathandiza alimi, moti mawuwa paokha sagwiranso mtima wa mkonzi. Chimene chimamugwira ndi chiganizo chonga ichi: "Mwezi uliwonse tizigula matumba 6 a makilogalamu 50 a mpunga wa Kilombero ku kopaletivi ya alimi ku Karonga, ndipo sabata iliyonse matumba 4 a mbatatesi ku kalabu ya alimi 12 ku Dedza."

Ziwerengerozi zigwirizane ndi kukula kwa malo anu, chifukwa mtolankhani wochenjera amawerengera. Matumba 6 ndi makilogalamu 300. Ngati mbale imodzi imatenga mpunga wosaphika wa magalamu 150, ndiye kuti ndi mbale 2,000 pa mwezi, kapena kuti pafupifupi 67 pa tsiku. Pa malo a mipando 60 zimenezi n'zomveka. Mukalemba matumba 60, mukunena kuti muzigulitsa mbale za mpunga zoposa 600 tsiku lililonse, ndipo aliyense wodziwa khitchini adzadziwa kuti mwakokomeza.

Siyanitsaninso kugula kwa mlimi ndi kugula kwa venda. Ngati mnyamata wanu amapita pa Lizulu kapena pamsika wa Wakawaka kukatenga tomato ndi kabichi kwa amene wamupeza tsiku limenelo, katunduyo ndi wa m'dziko muno ndithu, ndipo munene choncho. Koma musalembe kuti muli pa mgwirizano ndi alimi. Mgwirizano ndi pamene mlimi akudziwa, asanadzale n'komwe, kuti muzitenga zochuluka bwanji ndipo muzilipira liti. Ngati mumalipira pasanathe masiku 7 katundu atafika, lembani zimenezo. Alimi ambiri amadandaula za ogula amene amatenga katundu pangongole n'kumazengereza kulipira, choncho wogula wolipira msanga ndi nkhani payekha.

Ndingalembe kuti zonse zimene timaphika ndi za m'Malawi?

Lowani m'sitolo yanu muwerenge zolembedwa pa mapaketi musanalembe chiganizo chimenecho. Tirigu wambiri amene amapanga ufa wa buledi ndi mandasi m'dziko muno amachokera kunja. Zokometsera zambiri, tchizi, ndi zakumwa zina n'chimodzimodzi. Kunena zoona n'kosavuta: "Mpunga, nsomba, nkhuku, ndiwo zamasamba, tiyi wa ku Thyolo ndi khofi wa ku Mzuzu ndi za m'dziko muno." Mndandanda umenewo ndi wautali kale, sukusowa bodza louthandizira.

Kodi ndi bwino kutchula dzina la kalabu kapena la mlimi?

Ndi bwino kwambiri, koma pemphani chilolezo kaye kwa tcheyamani wa kalabuyo, ndipo mumuwerengere chiganizo chonse chimene chikuwakhudza. Mtolankhani akhoza kumuyimbira. Akayankha kuti "anangobwera kamodzi kudzafunsa mitengo", nkhani yanu yafera pomwepo. Mitengo imene mumagulira musayilembe popanda iwo kuvomera, chifukwa ogula ena adzayigwiritsa ntchito powanenerera.

Tsopano zakudya. Kodi ndiyike menyu yonse?

Ayi. Sankhani zakudya zitatu kapena zinayi zimene zikufotokoza kuti malo anu ndi otani, ndipo chilichonse chigwirizane ndi wogulitsa amene mwamutchula kale. Pa chitsanzo chathu: chambo chowotcha cha ku Mangochi ndi mpunga wa Kilombero, nkhuku ya lokolo ndi nsima ya mgaiwa ndi nkhwani wotendera, kondowole ndi usipa, kenaka thobwa. Wowerenga akaona zimenezi wadziwa kale kuti ndi malo a zakudya zakwathu, ndipo simunafunikire kunena kuti "zokoma zedi". Kukoma amaweruza ndi wakudya. Inu nenani zimene zingatsimikizike: chawotchedwa pa makala, chaphikidwa ndi nsinjiro, tsabola wake ndi kambuzi. Menyu yonse itumizeni payokha, kwa amene angayifune.

Pa chambo samalani. Kuyambira mwezi wa Novembala boma limatseka nyanja ya Malawi kwa asodzi a makoka ena kuti nsomba ziswane, ndipo chambo chimasowa n'kukwera mtengo. Mukalonjeza "chambo cha m'nyanja tsiku lililonse chaka chonse", mtolankhani wodziwa adzafunsa kuti muzichitenga kuti mu Disembala. Ngati nthawi imeneyo muzigula nsomba zoweta m'mayiwe kapena m'makhola a m'nyanja, nenani, palibe chochititsa manyazi. Chimodzimodzi nkhuku: ya lokolo ikhale ya lokolo, osati yachizungu imene yangokhalitsa pamoto. Ndipo mawu akuti halaal musawalembe pokhapokha muli ndi satifiketi yochokera ku nthambi yoona zimenezi ya bungwe la Asilamu la Muslim Association of Malawi. Kwa Msilamu mawu amenewa ndi nkhani ya chikhulupiriro, ndipo kuwalemba mongokopera makasitomala ndi kumulakwira kwambiri. Kunamiza ogula n'kuphwanyanso lamulo, ndipo bungwe la CFTC limalandira madandaulo otere.

Mitengo ilowe kapena isalowe?

Ilowe, chifukwa ndi funso loyamba la wowerenga, koma mwachidule: mbale yotsika mtengo kwambiri ndi yokwera kwambiri. Onjezani kuti imeneyi ndi mitengo ya pa tsiku lotsegulira, ndipo nenani ngati msonkho uli kale momwemo. Amene anali pa bizinesi mu Novembala 2023, pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 iliyonse, akudziwa kuti menyu ikhoza kukalamba m'sabata imodzi, pamene nkhani ya pa intaneti imakhalabe pomwepo ndi mitengo yakale.

Mawu a mwini malo akhale otani?

Akhale mawu amene munthu angayankhule ndi pakamwa, ndipo anene chinthu chimene ziwerengero sizinganene. "Ndife onyadira kutumikira Amalawi" ndi chiganizo chimene mkonzi wachiwerengapo kambirimbiri. Koma mwini malo akafotokoza chifukwa chimene wasankhira kukatenga mpunga kutali ku Karonga pamene wina wotchipa ulipo pafupi, kapena chimene chinamuvuta kuti apeze wophika wodziwa kondowole, mawuwo amatuluka. Ziganizo ziwiri zakwana. Onjezani mawu a munthu wachiwiri, mlimi kapena mmodzi mwa olembedwa ntchito, koma akhale mawu akedi. Musamulembere zoti anene n'kuyikapo dzina lake iye asanazione. Dzina lonse ndi udindo wa woyankhulayo zilembedwe molondola.

Chitalike bwanji, ndipo china chofunika n'chiyani?

Tsamba limodzi, mawu osapitirira 400. Kumunsi lembani malo enieni m'njira imene anthu amalozerana, monga "moyang'anizana ndi filing'i siteshoni", chifukwa nambala ya puloti sithandiza munthu. Lembani nthawi yotsegula ndi yotseka, komanso dzina ndi nambala ya munthu mmodzi amene aziyankha mafoni a atolankhani. Foni imeneyo ikhale yoyaka. Nkhani zambiri zimafa chifukwa mtolankhani anayimba kawiri cha m'ma 3 koloko masana, nyuzipepala ikutsekedwa, osayankhidwa.

Tumizaninso zithunzi ziwiri kapena zitatu zowala bwino, chilichonse ndi mawu ofotokoza amene ali pachithunzipo. Chithunzi cha wophika ali pa ntchito kapena cha mlimi akutsitsa matumba chimaposa cha mipando yopanda anthu. Mawu a chikalatacho muwalembe m'kati mwa imelo momwe, kapena mu Word, kuti mtolankhani athe kukopera. Chithunzi cha chikalata chojambulidwa ndi foni n'kutumizidwa pa WhatsApp chimamupatsa ntchito yolembanso zonse, ndipo manambala amasokonekera pamenepo.

Ndilembe m'Chingelezi kapena m'Chichewa?

Zonse ziwiri, koma cha Chichewacho chilembedwe mwachokha, osati kumasulira liwu ndi liwu. The Nation ndi The Daily Times zimatuluka m'Chingelezi, pamene MBC, Zodiak ndi mawayilesi a m'madera amawerenga nkhani zambiri m'Chichewa, ndipo alimi amene mukuwatchulawo adzamvera kumeneko. Nkhani ya pa wayilesi ikhale ya mawu pafupifupi 80, ziganizo zazifupi, ziwerengero ziwiri zokha: ntchito 11 ndi deti lotsegulira. Iwerengeni mokweza musanatumize. Pamene lilime lanu lapunthwa, la muulutsi lidzapunthwanso.

Nditumize liti, ndipo kwa yani?

Patsale masiku 5 mpaka 7 kuti mutsegule, m'mawa wa tsiku la ntchito, akonzi asanagawe ntchito za tsikulo. Tumizani kwa mkonzi wa nkhani zamalonda kapena kwa mtolankhani amene mwaona kuti amalemba za ulimi ndi bizinesi zing'onozing'ono, pomutchula dzina. Musayiwale ofesi ya zofalitsa nkhani ya m'boma limene alimi anu ali, chifukwa atolankhani a Malawi News Agency a kumeneko angayione ngati nkhani ya kwawo. Mawa lake imbani kamodzi kufunsa ngati chafika.

Koma musatumize ziphaso zisanatuluke. Layisensi ya bizinesi ndi ya zakudya yochokera ku khonsolo, chiphaso cha ku zokopa alendo, ndi makalata a kuchipatala osonyeza kuti ogwira zakudya anayezedwa, zonsezi zikhale m'manja. Chikalata chanu chimadziwitsa makasitomala, komanso chimadziwitsa oyendera malo a khonsolo kuti pa Eriya 47 patsegulidwa khitchini. Kulengeza deti kenaka n'kulisintha kumakudyerani chikhulupiriro, ndipo mkonzi salemba kawiri za kutsegulira kumodzi.

Nanga chipondamthengo?

Funso ili anthu amafunsa monong'ona, koma tiliyankhe poyera. Kuyitana atolankhani kuti adzalawe chakudya pa tsiku lotsegulira n'kwabwino, chifukwa sangalembe za chimene sanachione. Kupereka envelopu kuti nkhani ituluke ndi chinthu china, ndipo malamulo a ntchito ya utolankhani amene bungwe la Media Council of Malawi limayang'anira amaletsa. Kumawononganso amalonda anzanu ang'onoang'ono amene alibe cha m'envelopu. Ngati muli ndi ndalama ndipo mukufuna kuti mawu anu atuluke osasinthidwa, gulani malo otsatsira malonda, mulandire lisiti, owerenga adziwe kuti ndi malonda.

Ndingadziwe bwanji kuti chikalata changa chakonzeka?

Tengani cholembera, mudule mzere pansi pa chiwerengero chilichonse ndi dzina lililonse la malo. Pa chilichonse dzifunseni kuti: mtolankhani atati "ndionetseni", ndimuonetsa chiyani? Pa ntchito 11 pakhale makalata 11 olembera anthu ntchito. Pa matumba 6 pakhale lisiti kapena pangano losayinidwa. Pa chambo cha ku Mangochi pakhale nambala ya foni ya amene amakubweretserani. Chiganizo chimene chilibe pepala kapena munthu wochiyikira umboni, chichotseni musanatumize.